Nyumba imodzi, kachilombo kamodzi: n'chifukwa chiyani Kovidi amagwetsa ena n'kusiya ena?

Funso: "Kwathu tonse tinadwala Kovidi sabata imodzi. Ine ndi ana anga chinali chimfine basi. Agogo a zaka 84 anangotsokomola masiku angapo n'kuchira. Koma bambo anga, a zaka 62, omwe ali ndi shuga, anayamba kuoneka ngati akupeza bwino, kenako tsiku la 8 anabanika mpaka anakagonekedwa pa okosijeni. Kusiyana konseku kukuchokera kuti? Nanga matendawa akadzabweranso, ndani woti tizimudera nkhawa kwambiri?"

Yankho: Mayi, pa matenda amenewa pali zinthu ziwiri zimene zimalamula. Choyamba ndi changu chimene chitetezo cha m'thupi chimadzukira m'masiku atatu kapena anayi oyambirira. Chachiwiri ndi mphamvu yapadera imene mapapo, mtima, impso ndi mitsempha ya magazi zasunga, yoti zipirire nayo matendawo akafika sabata yachiwiri. Ukalamba, shuga, kunenepa kwambiri, HIV, pathupi ndi katemera, zonsezi zimakhudza munthu kudzera pa chimodzi mwa ziwirizi, ndipo zina, monga shuga, zimagunda konsekonse.

Kachilomboka kamayambira m'mphuno ndi pakhosi. Kamagwira pa kapuloteni kotchedwa ACE2 kamene kali kunja kwa maselo, n'kulowa mkati, n'kuyamba kuswana. Selo ikazindikira kuti yalowedwa, imatulutsa mankhwala ake achilengedwe otchedwa intafeloni. Intafeloni ali ngati mfuu ya m'mudzi mbava ikalowa: sagwira mbava, koma oyandikana nawo onse amatseka zitseko ndipo amuna amatuluka ndi zibonga. Maselo oyandikana akalandira intafeloni amasintha mkati mwawo kuti kachilombo kavutike kuswana, ndipo maselo olimbana ndi matenda amathamangira pamalopo. Mfuu imeneyi ikamveka msanga, nkhondo yonse imathera m'mphuno ndi pakhosi. Munthu amayetsemula, pakhosi pamakanda, mutu umawawa, mwina amasiya kumva fungo, ndipo pakatha sabata wadzuka. Ana ambiri amakhala m'gulu limeneli chifukwa maselo a m'mphuno mwawo amayankha mwachangu kuposa a akuluakulu.

Vuto ndi lakuti kachilombo ka Kovidi kali ndi mapuloteni angapo amene ntchito yake ndi kutsekereza intafeloni. Mwa munthu amene chitetezo chake n'chochedwa kale, kachilombo kamapeza masiku angapo oswana popanda chokasokoneza, ndipo kamatsikira kunsi kwa mapapo, ku timatumba ting'onoting'ono timene mpweya umadutsira kulowa m'magazi. Khoma la timatumba timeneti ndi lopyapyala kwambiri. Chitetezo chikafika mochedwa, chimapeza kachilombo kachuluka ndipo chimayankha mopyola muyeso. Makoma aja amatupa, madzi amatayikira m'timatumba, ndipo mkati mwa timitsempha ta magazi tozungulira timatumbato mumakhakhala, magazi n'kuyamba kuundana timibulu ting'onoting'ono. Mpweya umalowa m'chifuwa ndithu, koma sufika m'magazi.

Ndi chifukwa chake tsiku la 8 silidabwitsa wachipatala aliyense amene anasamalirapo odwala Kovidi. Pofika kumapeto kwa sabata yoyamba kachilombo kamakhala kayamba kale kuchepa, thupi limatha kuzizira, wodwala n'kupempha nsima. Pamenepo m'pamene kutupa kwa m'mapapo kumafika pachimake, nthawi zambiri pakati pa tsiku la 7 ndi la 10, nthawi zina mpaka la 12. Chimene chimabanikitsa munthu sabata yachiwiri si kachilombo kwenikweni, koma kutupa kumene thupi lake lomwe layambitsa. Banja limene lili ndi wodwala wa m'gulu loopsezedwa lizilemba tsiku limene zizindikiro zayamba, ndipo lisapume mtima tsiku la 12 lisanadutse.

Pa zonse zimene zimachedwetsa chitetezo, ukalamba ndiwo umatsogola, ndipo palibe china chimene chimayandikira. Munthu akamakula, maselo atsopano otha kuphunzira mdani wachilendo amachepa, intafeloni amatuluka mochedwa, ndipo thupi limakhala ndi kutupa kwapansipansi ngakhale munthu ali bwinobwino. Ziwerengero za 2020, katemera asanabwere, zochokera makamaka ku maiko olemera, zinaonetsa makwerero owongoka. Mwa anthu 10,000 a zaka 25 amene anatenga kachilomboka, ankamwalira pafupifupi mmodzi. Pa zaka 55 ankakhala pafupifupi 40, pa zaka 65 pafupifupi 140, pa zaka 75 oposa 400, ndipo pa zaka 85 pafupifupi 1,500.

Muonetsetse nambala yomalizayo, chifukwa ndi imene ikufotokoza za agogo anu. Anthu 1,500 mwa 10,000 ndi ambiri zedi, komabe zikutanthauza kuti 85 mwa 100 alionse a msinkhu umenewo ankapulumuka, ndipo ambiri mwa iwo osagona n'komwe m'chipatala. Agogo anu anali pachiopsezo chachikulu kuposa wina aliyense m'nyumbamo, ndipo anadutsa bwino monga amadutsira ambiri. Kuchira kwawo sikutanthauza kuti ulendo wina adzadutsanso chimodzimodzi. Munthu amene wafika zaka 84 popanda shuga, popanda vuto la mtima kapena impso, amakhalanso ndi mitsempha yabwino kuposa ya anzake ambiri, ndipo zimenezi zimathandiza.

Tsopano bambo anu. Pa zaka 62 zokha, mwa anthu 100 otenga kachilomboka mu 2020 ankamwalira pafupifupi mmodzi, ndipo ofuna okosijeni ankakhala ochulukirapo kangapo. Pamwamba pa zaka pakubwera umuna. Kafukufuku wamkulu wa ku England wotchedwa OpenSAFELY, amene anaunika mbiri ya zaumoyo ya anthu akuluakulu oposa 17 miliyoni mu 2020, anapeza kuti pa imfa 10 za amayi pankakhala imfa pafupifupi 16 za abambo a msinkhu ndi matenda ofanana. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti shuga wosalamulirika ankachulukitsa chiopsezo pafupifupi kawiri, pamene shuga wolamulirika bwino ankangochikweza pang'ono, ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Malire ake anali 7.5 peresenti pa muyeso wa HbA1c, umene umaonetsa mmene shuga wayendera m'miyezi itatu yapitayi. Zinthu izi siziphatikizana, zimachulukitsana. Kuwerengera kwa pamwamba chabe, mwamuna wa zaka 62 wa shuga wokwera amachoka pa mmodzi mwa 100 n'kufika cha pa awiri kapena atatu mwa 100, ndipo mzere wa ofuna okosijeni umatalika chimodzimodzi.

Shuga ndi woipa pa Kovidi chifukwa amawononga mbali zonse ziwiri zija. Akakwera m'magazi, maselo oyera amagwira ntchito mwaulesi, ndiye kachilombo kamapeza mpata woyambirira. Kwa zaka zambiri shuga amakhalanso akukhakhalitsa mkati mwa timitsempha, magazi n'kumaundana mosavuta, impso n'kumafooka mwakachetechete, ndiye sabata yachiwiri imapeza malo owonongeka kale. Kenako matendawo amakwezanso shuga, pakuti thupi likamalimbana ndi matenda limatulutsa mahomoni otsutsana ndi insulini. Wodwala amakodza pafupipafupi, madzi amatha m'thupi, magazi amalimba, impso zimavutika. Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti wodwala amasiya insulini ponena kuti sakudya. Insulini sasiyidwa munthu akadwala. Mlingo wake ukhoza kusinthidwa ndi wachipatala, koma kusiyiratu kumabweretsa asidi woopsa m'magazi. Wa shuga akadwala Kovidi aziyeza shuga maola anayi kapena asanu ndi limodzi alionse ngati ali ndi kamakina, azimwa madzi pafupipafupi, ndipo shuga akakhala pamwamba pa 15 mmol/L, kapena 270 mg/dL, osatsika, kapena wodwalayo akayamba kusanza, apite kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale akupuma bwino. Omwa mapiritsi a shuga a metifomini amene akusanza kapena kutsegula m'mimba nthawi zambiri amauzidwa kuimitsa kaye mpaka madzi abwerere m'thupi. Pali anthu ambiri amene ali ndi shuga koma sanayezetsepo, ndipo ena mwa omwe ankatchedwa "athanzi" pa maliro a Kovidi anali m'gulu limeneli.

Kunenepa kwambiri kumabwera pafupi ndi shuga. Mafuta a pamimba amakankha mapapo kuchokera pansi, makamaka munthu akagona chagada, ndipo mafutawo amatulutsa okha zinthu zoyambitsa kutupa. Muyeso wake ndi wosavuta: gawani makilogalamu a munthu ndi kutalika kwake mu mamita kochulukitsa ndi kutalika komweko. Munthu wa makilogalamu 95 wotalika mamita 1.68 amapeza 95 kugawa ndi 2.82, zomwe ndi pafupifupi 34. Chiopsezo chimayamba kukwera kuchokera pa 30, ndipo pa 40 kupita m'mwamba chinkafika pafupifupi kawiri.

Za HIV ndi chifuwa chachikulu umboni wodalirika unachokera ku Western Cape m'dziko la South Africa mu 2020. Kumeneko anthu amene anali ndi HIV anali ndi chiopsezo cha imfa choposa kawiri pang'ono, odwala chifuwa chachikulu panthawiyo choyandikira katatu, ndipo ngakhale amene anachira chifuwachi kale anali pamwamba pa anzawo chifukwa cha zipsera za m'mapapo. Mwa omwe ali ndi HIV, oopsezedwa kwambiri ndi amene CD4 yawo ili pansi pa 200 ndi amene kachilombo kachuluka m'magazi chifukwa sanayambe kapena anasiya ma ARV. Amayi oyembekezera, makamaka m'miyezi itatu yomaliza, nawonso ali pamndandanda: chiberekero chimakankha mapapo, thupi limafuna okosijeni wambiri, magazi amaundana mosavuta, ndipo mwana akhoza kubadwa masiku asanakwane. Otsala ndi odwala impso, mtima wofooka, matenda okhalitsa a m'mapapo, sikoselo, olandira mankhwala a khansa, ndi omwa masiteroidi kwa nthawi yaitali.

Pali matenda awiri amene anthu amawaopa mopitirira muyeso wake. Mphumu yolamulirika bwino sinapezeke kuti imakweza chiopsezo kwambiri; yovuta ndi imene imafuna mapiritsi a siteroidi pafupipafupi. Kuthamanga kwa magazi pakokha nakonso kumawonjezera pang'ono, ndipo kuopsa kwake kumadzera pa zimene kwawononga kale mu mtima ndi impso. Mankhwala a matenda awiriwa apitirizidwe.

Nanga mnyamata wa zaka 30, wothamanga mpira, wopanda matenda alionse, amene anafika pa makina opumira? Apa m'pamene intafeloni amaonekeranso. Mu 2020 gulu la akatswiri lotsogoleredwa ndi a Jean-Laurent Casanova linayeza magazi a odwala 987 amene Kovidi anawadwalitsa mwakayakaya. Mwa iwo 101 anali ndi maantibodi, zida za m'magazi zimene zimayenera kulimbana ndi tizilombo, amene amawononga intafeloni wawo yemwe, ndipo 95 mwa 101 amenewa anali amuna. Mwa anthu 663 amene anadwala pang'ono kapena osadwala n'komwe, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali nawo. Maantibodi amenewa amakhalapo munthu asanatenge kachilombo, amachuluka ndi zaka, ndipo amapezeka mwa anthu pafupifupi anayi mwa 100 alionse opitirira zaka 70. Munthu amakhala nawo osadziwa, popeza pa matenda amene linawazolowera kale thupi silidalira kwambiri chenjezo la intafeloni. Ena amabadwa ndi chilema pa jini, kachidutswa ka malangizo a chibadwa, yotchedwa TLR7, imene imathandiza thupi kuzindikira kachilombo. Jiniyi ili pa kromosomu X, imene mkazi ali nayo ziwiri koma mwamuna imodzi yokha, choncho mwamuna alibe yobwezera yake ikawonongeka. Zoyezera zinthu zimenezi sizipezeka m'zipatala wamba, ndiye phunziro lake ndi laling'ono koma lofunika: zizindikiro zoopsa ziyenera kuyang'aniridwa mwa aliyense, ngakhale amene sali pamndandanda uliwonse.

Ziwerengero zonse zapamwambazi ndi za anthu amene thupi lawo linali lisanakumanepo ndi kachilomboka. Lero zinthu zinasintha. Katemera, kapena kudwalapo kale, kumasiya maselo okumbukira amene amafika pamalo m'masiku ochepa m'malo mwa sabata yathunthu kapena kuposerapo. Sangatseke mphuno nthawi zonse, n'chifukwa chake obayidwa katemera amadwalabe chimfine cha Kovidi, koma amafika kachilombo kasanakhazikike m'mapapo. Mtundu wa kachilombo nawonso uli ndi mbali yake. M'Malawi, Januwale 2021 anali mwezi woipa chifukwa mtundu wa Beta unapeza anthu opanda katemera, amene anayamba kuperekedwa mu Marichi chaka chomwecho. Pa 12 Januwale nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. Omikuloni, amene anadziwika mu Novembala 2021, amaswana bwino m'njira zapamwamba za mpweya kusiyana ndi kunsi kwa mapapo, ndipo anapeza anthu ambiri ali kale ndi chitetezo. Chiopsezo chinatsika kwa onse, koma ndondomeko ya amene ali pamwamba sinasinthe. Chitetezo chimazilala pakapita miyezi, ndipo chimazilala msanga mwa okalamba ndi mwa ofooka chitetezo, ndiye katemera wobwereza ndi wofunika kwa agogo ndi bambo anu kuposa kwa ana anu.

Kudziwa magawo awiri a matendawa kumathandizanso kumvetsa mankhwala, chifukwa ochiza gawo limodzi amatha kuvulaza pa gawo linalo. Dekisametazoni amachepetsa kutupa. Kafukufuku wa RECOVERY wa ku Britain anaonetsa mu Juni 2020 kuti mamiligalamu 6 pa tsiku, mpaka masiku 10, anachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa atatu mwa omwe anali pa makina opumira, ndi gawo limodzi mwa asanu mwa omwe anali pa okosijeni. Mwa omwe sankafuna okosijeni sanathandize, ndipo panali chizindikiro choti ankawononga. Kugula dekisametazoni kapena puledinisoloni ku famase tsiku lachiwiri la chimfine n'kufooketsa chitetezo panthawi imene chikufunika kwambiri, ndipo mwa munthu wa shuga kumakweza shuga mowirikiza. Mankhwala olimbana ndi kachilombo kenikeniko, monga Paxlovid, ali mosemphana: amathandiza akayambidwa m'masiku 5 oyambirira, amaperekedwa kwa omwe ali pachiopsezo, ndipo sapezeka m'malo ambiri. Amasemphananso ndi mankhwala ena ambiri. Amene akumwa rifampisini wa chifuwa chachikulu sangamwe Paxlovid, ndipo wa vuto la impso amafuna mlingo wosinthidwa, choncho wodwala azinyamula mankhwala ake onse popita kukaonana ndi wachipatala. Azithromaisini, mankhwala opha mabakiteriya, anayesedwa mu RECOVERY momwemo ndipo sanathandize. Kufukiza nthunzi ya bulugamu kumatsegula mphuno kwakanthawi koma sikufika kumene kuli vuto, ndipo munthu wochepekedwa okosijeni akhoza kukomoka atafunda bulangete pamwamba pa mphika wa madzi owira.

Chovuta cha Kovidi ndi chakuti okosijeni amatha kutsika kwambiri wodwala asakumva kubanika, akucheza ndi kuseka. M'nyumba imene muli wokalamba kapena wa shuga, kamakina kopanira pachala koyezera okosijeni, okisimita, ndi kaphindu kuposa mabotolo a mavitamini. Muziyeza katatu pa tsiku kuyambira tsiku la 5 mpaka la 12. Wodwala akhale pansi mphindi zisanu, manja akhale ofunda, pachikhadabo pasakhale penti, ndipo mudikire mpaka nambala itakhazikika. Nambala yofunika ndi yolembedwa SpO2. Inayo ndi kugunda kwa mtima, ndipo anthu ambiri amazisokoneza. Pa 95 kupita m'mwamba zili bwino. Pa 93 kapena 94 yezaninso pakatha ola limodzi, ndipo ikakhala pomwepo akaonedwe tsiku lomwelo. Pa 92 kutsika m'munsi, nyamukani. Woyembekezera asadikire kutsika pansi pa 94.

Pa khungu lakuda kamakina aka kamatha kunama mokweza nambala. Kafukufuku wa ku Michigan m'dziko la America mu 2020 anapeza kuti mwa odwala akuda amene kamakina kankaonetsa 92 mpaka 96, pafupifupi 12 mwa 100 anali ndi okosijeni wotsika moopsa atayezedwa magazi enieni, pamene mwa azungu anali pafupifupi anayi. Choncho musadalire nambala imodzi. Yang'anani kumene ikulowera: munthu amene dzulo anali pa 98 ndipo lero ali pa 94 akutsika, ngakhale 94 ikuoneka yosaopsa. Ngati wodwala ali pa 95 kapena kuposa, muyendetseni masitepe 40 pamalo athyathyathya n'kuyezanso. Kutsika ndi 3 kapena kuposa ndi chizindikiro choti mapapo akhudzidwa.

Kumene kulibe kamakina, wotchi imakwanira. Werengani kukwera kwa chifuwa kwa mphindi imodzi yathunthu, wodwala asakudziwa kuti mukuwerenga. Munthu wamkulu amapuma ka 12 mpaka 20. Kupitirira 24 akaonedwe, ndipo pa 30 ndi zadzidzidzi. Kulephera kumaliza chiganizo popanda kupumira, kupweteka kwa pachifuwa, kuyera kapena kudera kwa lilime ndi mkati mwa milomo, ndi mkodzo kuchepa kwambiri, zonsezi sizidikira kuti kuche. Okalamba nthawi zambiri satentha thupi ndipo satsokomola kwambiri. Amangosiya kudya, kugona usana wonse, kugwa popita kuchimbudzi, kapena kuyamba kulankhula zosokonekera, ndipo achibale amati ndi ukalamba. Kumadera a malungo, aliyense wotentha thupi ayezetsenso malungo, chifukwa matenda awiriwa amayamba mofanana ndipo amatha kubwera limodzi.

Kwa bambo anu pakadali pano, chimene chingasinthe kwambiri ndi shuga. Akayezetse HbA1c ndi impso pakapita miyezi itatu chitulukireni m'chipatala, chifukwa Kovidi woopsa ndi dekisametazoni zimatha kusiya shuga atasokonekera ndipo mlingo wakale wa mankhwala sukhalanso wokwanira. M'masabata oyamba atatuluka, magazi amakhala akadali osavuta kuundana. Mwendo umodzi ukatupa ndi kupweteka kukatumba, kapena akabanika mwadzidzidzi ndi kubaya kwa pachifuwa popuma, mwina ndi mbulu wa magazi umene ukupita kapena wafika m'mapapo, ndipo abwerere kuchipatala nthawi yomweyo n'kunena kuti anagonekedwapo ndi Kovidi posachedwa.